Mafunso ndi mayankho: kulemba zolinga ndi kufotokozera bajeti ya pulojekiti yoyeserera ya uphungu m'midzi ya ku Dedza

Awa ndi mafunso amene a mabungwe a m'madera, a mipingo ndi azaumoyo kuno ku Dedza amandifunsa mobwerezabwereza akamalemba pulopozo yopempha ndalama zothandizira anthu ovutika maganizo. Poyankha ndagwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: pulojekiti ya miyezi 12, aphungu a m'mudzi 12, ndi zipatala zazing'ono ziwiri, china kufupi ndi boma, china kumunsi kwa mapiri cha ku Golomoti. Manambala ndi mitengo ya m'chitsanzochi ndaikonza kuti tiphunzirirepo kawerengedwe. Inu muikepo mitengo ya pa makoteshoni anu.

1. Kodi aphungu a m'mudzi ndi ndani, ndipo ntchito yawo imalekera pati?

Ndi anthu wamba, osati anamwino kapena madokotala, amene aphunzitsidwa kwa masiku angapo njira imodzi yokambirana ndi munthu amene akuganiza kwambiri, wosowa tulo, wotaya mtima, kapena amene sakutha kugwira ntchito zake chifukwa cha nkhawa. Njira yodziwika kwambiri kuno kwathu ndi ya Friendship Bench, imene inayambira ku Harare motsogozedwa ndi Dixon Chibanda. Kumeneko agogo aakazi amakumana ndi munthu pa benchi kasanu ndi kamodzi, n'kumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza chimene angachite sabata imeneyo. Bungwe la WHO nalo lili ndi njira yotchedwa Problem Management Plus, ya mikumano isanu, ndi ina ya Thinking Healthy ya amayi oyembekezera ndi oyamwitsa.

Mu pulopozo tchulani njira imene mwasankha ndi dzina lake. Mukangolemba kuti "tidzapereka uphungu", owerenga sadziwa kuti maphunziro atenga masiku angati kapena kuti munthu mmodzi aonedwa kangati, ndiye bajeti yanu sangathe kuitsimikiza. Lembaninso zimene aphunguwo sadzachita: sapereka mankhwala, satchula matenda a munthu, ndipo odwala misala, khunyu kapena amene mowa wawalowerera amawatumiza ku chipatala.

2. Pulojekiti yoyeserera ikusiyana bwanji ndi pulojekiti yaikulu?

Yoyeserera imafunsa kuti: kodi ntchitoyi ingatheke kuno, ndi anthu athuwa, ndi misewu yathuyi, pa mtengo wanji? Zoti uphungu wa anthu wamba umathandiza anthu okhumudwa zinaonetsedwa kale ndi kafukufuku wamkulu, monga wa Friendship Bench amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Chimene opereka ndalama sakuchidziwa n'chakuti mayi wa kwa Kachindamoto adzabwera kokumana kachinayi mvula ili mkati, kuti bambo adzalola kukhala pansi ndi phungu wa m'mudzi mwake momwe, ndiponso kuti namwino wa ku boma woyang'anira aphunguwo adzakwanitsa kutsika phiri kawiri pa mwezi. Zolinga zanu zichokere pa mafunso amenewa.

3. Ndiye zolingazo tizilembe bwanji?

Cholinga chachikulu chikhale chiganizo chimodzi, ndipo zolinga zing'onozing'ono zisapitirire zinayi. Chilichonse chikhale ndi chinthu chowerengeka, nthawi yake, ndi pepala limene nambalayo idzachokere. M'chitsanzo chathu ndingalembe motere.

Cholinga chachikulu: kuona ngati uphungu wa mikumano isanu ndi umodzi, woperekedwa ndi aphungu a m'mudzi moyang'aniridwa ndi namwino wa matenda a maganizo, ungatheke ndi kulandiridwa ndi anthu aakulu ovutika maganizo m'madera a zipatala ziwiri za m'boma la Dedza.

Choyamba: pofika kumapeto kwa mwezi wachitatu, kuphunzitsa anthu 14, ndipo 12 mwa iwo akhoze mayeso ochita sewero la uphungu pamaso pa mphunzitsi. Chachiwiri: kuyambira mwezi wachinayi mpaka wa 11, kulembetsa anthu 200 ndi kuwerenga kuti ndi angati afika mikumano inayi kapena kuposerapo. Chachitatu: kuonetsetsa kuti aliyense wonena za maganizo odzipha waonedwa ndi wachipatala tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndi kulemba nthawi imene zinatenga. Chachinayi: kupeza mtengo weniweni wothandizira munthu mmodzi, ndi kumva kwa olandira uphungu, aphungu ndi achipatala zimene ziyenera kusintha.

Onani kuti palibe cholinga chonena kuti "kudziwitsa anthu za umoyo wa maganizo". Misonkhano ya kwa a mfumu ndi ya m'mipingo idzachitikadi, koma ndi ntchito yothandiza cholinga chachiwiri. Mukaisandutsa cholinga pachokha, theka la bajeti limathera ku zikwangwani, masikipa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo pomaliza mumangonena kuti anthu anabwera ambiri.

4. Bwanji osalemba kuti tidzachepetsa matenda okhumudwa ndi theka, kapena kuthetsa mchitidwe wodzipha m'dera lathu? Si ndicho chimene tikufuna?

N'chimene tonse tikufuna, ndipo chilembeni m'ndime yofotokoza vuto. Koma musachiike pa zolinga, chifukwa pulojekiti ya anthu 200 yopanda gulu lofananitsa nalo singathe kuchitsimikiza.

Taganizani za mayi amene walembetsedwa mu Febuluwale. M'nyumba ufa watha, sukulu ikufuna ndalama, mwamuna anapita ku ganyu ku Mozambique ndipo sakumveka. Mayankho ake pa fomu akuonetsa kuti wavutika kwambiri. Mukamufunsanso mu Meyi, chimanga chili m'nkhokwe, mbatatesi wagulitsako, mwamuna wabwerera. Nambala yake yatsika. Kodi yatsitsidwa ndi uphungu kapena ndi kukolola? Simungadziwe. Kuwonjezera apo, anthu amalembetsedwa pa nthawi imene zinthu zafika poipa, ndipo ambiri amapezako bwino pakapita nthawi ngakhale popanda chithandizo. Owerenga pulopozo amene amaidziwa ntchitoyi amazidziwa zimenezi, ndipo akaona lonjezo la "theka" amayamba kukayikira masamba ena onse.

Manambala a momwe anthu akupezera muwatolere ndithu, poyamba, pomaliza mikumano, ndi patapita miyezi itatu kwa amene analembetsedwa msanga. Lembani kuti mudzawafotokoza momwe alili, kuti athandize kukonza kafukufuku wamkulu m'tsogolo. Za kudzipha, chimene mungalonjeze moona mtima ndi cholinga chachitatu chija: kuti munthu wotere akapezeka, asasiyidwe yekha.

5. Tilonjeze kuti tithandiza anthu angati?

Funso ili ndilo mtima wa pulopozo yonse, ndipo ambiri amaliyankha moyambira kumapeto. Amatenga chiwerengero cha anthu a m'dera la mfumu yaikulu, n'kulemba kuti afikira anthu 5,000. Yambirani pa nthawi imene phungu mmodzi ali nayo.

Phungu wathu ndi mlimi, ali ndi banja, amapita ku maliro. Tinene kuti agwira masiku awiri pa sabata, mikumano itatu pa tsiku. Kuposa apo mutu umatopa, chifukwa kumvetsera mavuto a anthu kwa ola lathunthu si ntchito yopepuka. Ndiye kuti mikumano ndi isanu ndi umodzi pa sabata. Miyezi isanu ndi itatu yopereka uphungu ili ndi masabata pafupifupi 34, koma chotsaniponi asanu ndi limodzi a Khirisimasi, kubzala, kukolola, maliro ndi mitsinje yodzaza. Atsala 28. Aphungu 12 kuchulukitsa ndi mikumano 6 kuchulukitsanso ndi masabata 28, tikupeza mipata 2,016.

Si mipata yonse imene idzagwire ntchito. Ena sabwera pa tsiku lopangana, ndipo phungu amakhala pa benchi kudikira. Tiyerekeze kuti mpata umodzi pa inayi iliyonse utayika choncho, atsala 1,512. Gawani ndi mikumano isanu ndi umodzi ya munthu mmodzi, mupeza anthu 252. Koma masabata oyambirira aphungu amayamba ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo kulembetsa kuyenera kuima pasadakhale kuti omaliza amalize mikumano yawo pulojekiti isanatseke. N'chifukwa chake talonjeza 200.

Kawerengedwe kameneka kalembeni konse mu pulopozo, pamodzi ndi mawu akuti "tikuyerekeza" pamene mwayerekeza. Nambala ya 200 yooneka komwe yachokera imapambana 5,000 yogwa kumwamba, ndipo mizere yambiri ya bajeti idzachokera pa iyo.

6. Anthu 200 amenewo tidzawapeza bwanji, ndipo tigwiritse fomu iti?

Mafomu awiri amene anamasuliridwa ndi kuyesedwa m'Chichewa ndi PHQ-9 ndi SRQ-20. PHQ-9 ili ndi mafunso asanu ndi anayi okhudza masabata awiri apitawo, lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, ndipo zonse pamodzi zimafika 27. Malire amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi 10. SRQ-20 ndi ya WHO, ili ndi mafunso 20 oyankha eya kapena ayi, zimene zimaphweka kwa munthu amene amasokonezeka ndi kusiyanitsa "masiku angapo" ndi "masiku oposa theka". Sankhani imodzi, nenani chifukwa chake, ndipo pemphani ya Chichewa yoyesedwa kale. Musamasulire nokha usiku woti mawa maphunziro. Fomuyo satchulira matenda, imangosonyeza amene akufunika kukhala naye pansi.

Za chiwerengero, yerekezani poyera. Ngati mmodzi pa asanu aliwonse ofunsidwa pa chipatala afika pa malire, ndipo awiri pa atatu aliwonse mwa iwo avomera uphungu, mukufunika anthu 300 ofika pa malire, kutanthauza kufunsa anthu 1,500. M'masabata 28 ndi anthu pafupifupi 27 pa sabata pa chipatala chilichonse. Tsopano dzifunseni: afunse ndani? Ngati mukudalira azaumoyo amene ali kale ndi sikelo, katemera ndi malipoti awoawo, mudzapeza mafomu ali mbuu m'kabati. Ikani ntchito yofunsayi pa munthu wodziwika, pa masiku odziwika monga la sikelo ya amayi oyembekezera kapena la odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ionekere m'bajeti: mafomu 1,500 ndi ena apadera, ndi nthawi ya wofunsayo.

7. Tidzadziwa bwanji kuti kuyesereraku kwatheka?

Ikani malire ntchito isanayambe. Mwachitsanzo: ngati 70 pa 100 aliwonse afika mikumano inayi, ntchito ikulitsidwe momwe ilili, ngati ali pakati pa 50 ndi 69, ikulitsidwe mutasintha zina, ngati sakufika 50, imani kaye mufufuze. Chitani chimodzimodzi pa chiwerengero cha aphungu otsala pofika mwezi wa 11 ndi maulendo a woyang'anira amene anachitikadi. Kulemba malire a kulephera kumaoneka ngati kudzitchera msampha, koma kumauza wopereka ndalama kuti lipoti lanu lomaliza adzatha kulikhulupirira.

8. Tsamba lofotokozera bajeti n'chiyani? Si kubwereza manambala a m'bajeti?

Ayi. Bajeti imanena kuti zingati, tsambali limanena kuti chifukwa chiyani ndiponso mwazipeza bwanji. Mzere uliwonse uyankhe zinthu zinayi: chinthucho n'chiyani, kuchuluka kwake kwachokera pati, mtengo wake mwautenga kuti, ndipo chikutumikira cholinga chiti.

Kulemba kuti "mayendedwe, K3,000,000, oyendera pulojekiti" sikufotokoza kanthu. Lembani motere: "Namwino woyang'anira adzayendera chipatala chilichonse kawiri pa mwezi kwa miyezi 9, maulendo 18 pa chipatala. Cha kumunsi ndi makilomita 120 kupita ndi kubwerera, cha kufupi ndi 40. Galimoto imayenda makilomita 8 pa lita, choncho ndi malita 15 ndi malita 5 pa ulendo, onse pamodzi malita 360, pa mtengo umene MERA yalengeza pa tsiku lolemba. Mzerewu ukutumikira cholinga choyamba ndi chachitatu." Wowerenga angathe kutenga cholembera n'kupeza nambala yomweyo.

Mukamaliza, yesani mbali zonse ziwiri. Tengani mzere uliwonse wa bajeti muutchulire cholinga chake. Wosowa cholinga uchoke. Kenako tengani cholinga chilichonse muone ndalama zake. Apa ndi pamene ambiri amazindikira kuti cholinga chachinayi, chomva maganizo a anthu, chilibe ngakhale tambala: palibe wofunsa, palibe chojambulira mawu, palibe wolemba zimene zajambulidwa.

9. Aphungu tiwalipire, kapena ndi ongodzipereka?

Alipireni kangachepe, ndipo musachite manyazi kukateteza mu pulopozo. Munthu amene wasiya munda masiku awiri pa sabata m'nyengo yopalira ayenera kulemba waganyu, apo ayi chimanga chake chidyedwa ndi udzu. Mukamuuza kuti ndi ntchito ya chifundo, adzapirira miyezi iwiri kapena itatu, kenako adzayamba kujomba, ndipo anthu amene anamuuza zakukhosi adzasiyidwa pakati pa njira. Kuphunzitsa wina m'malo mwake kumadya ndalama zambiri kuposa zimene munapulumutsa.

M'chitsanzo chathu: aphungu 12, miyezi 9 (isanu ndi itatu ya ntchito ndi umodzi woyeserera pamaso pa woyang'anira), K40,000 pa mwezi, zonse K4,320,000. Pofotokozera, nenani kumene mtengowo wachokera, monga malipiro a ganyu a masiku asanu ndi atatu m'deralo, kapena zimene mabungwe ena amapereka kwa odzipereka awo m'boma lomwelo. Funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma musanakhazikitse nambala, chifukwa mukapereka zochuluka kwambiri mudzakokera kwa inu odzipereka a ntchito zina, ndipo pulojekiti ikatha palibe amene adzakwanitse kupitiriza.

Musalipire potengera chiwerengero cha anthu amene phungu waona. Mukatero mudzapeza achibale ake onse ali m'kaundula. Lipirani pa mwezi, potengera masiku amene wagwira ndi kupezeka kwake pa mikumano ya woyang'anira. Ngati ndalama zidzapita pa Airtel Money kapena Mpamba, ikani ndalama yotumizira ndi yotapira pa mzere wakewake, kuti K40,000 ifike yathunthu.

10. Maphunziro amadya ndalama zambiri. Tingawafupikitse?

Tsatirani masiku amene buku la njira yanu likunena. M'chitsanzo taika masiku 10: anthu 14, K45,000 pa munthu pa tsiku ya malo ogona ndi chakudya, zonse K6,300,000, kuwonjezera aphunzitsi, holo ndi mabuku. Tikuphunzitsa 14 pofuna 12 chifukwa ena sakhoza, ena amasamuka, ndipo chifukwa chimenechi chilembedwe, apo ayi owerenga adzayesa kuti mwalakwitsa masamu. Ikaninso masiku awiri obwereza pakati pa chaka, pamene aphungu akumana kale ndi nkhani zenizeni ndipo ali ndi mafunso enieni.

Pochepetsa, chepetsani malo, osati masiku. Holo ya mpingo kapena ya sukulu pafupi ndi kwawo imagwira ntchito yofanana ndi loji ya m'mbali mwa nyanja. Za maalawansi, tsatirani malamulo a wopereka ndalamayo ndi mitengo yovomerezeka ya boma, ndipo tchulani kuti mwatsata iti.

11. Kuyang'anira aphungu kukutenga gawo lalikulu la bajeti yathu. Kodi n'kofunikadi chotere?

Ngati pali mzere umodzi umene ndingaumenyere nkhondo, ndi uwu. Masiku 10 a maphunziro samupanga munthu kukhala phungu. Amamupanga ndi miyezi yokambirana nkhani zake ndi wodziwa. Popanda woyang'anira, aphungu amabwerera ku zimene anazolowera: kulangiza. Munthu akangoyamba kufotokoza, phungu amamudula n'kumuuza kuti apirire, apemphere, akapepese kwa apongozi. Malangizo otere ali ndi malo ake, koma si njira imene munalonjeza, imene munthu amasankha yekha vuto ndi njira yake.

Mungadziwe kuti zayamba kupotoka poyang'ana makadi a mikumano. Mikumano ikutha m'mphindi 15. Anthu osiyanasiyana onse "asankha" njira yofanana, monga kulowa banki m'khonde. Ambiri sakubweranso pambuyo pa kukumana koyamba. Izi amaziona ndi munthu amene amawerenga makadiwo kawiri pa mwezi ndi kukhala nawo pa mikumano ina munthuyo atalola.

Palinso aphungu eni ake. Amamva za nkhanza, za njala, za imfa za ana, kuchokera kwa anthu amene adzakumana nawo ku mjigo mawa, ndipo saloledwa kuuza ngakhale akunyumba kwawo. Mkumano wa woyang'anira ndi malo okha amene angatulepo katunduyo.

M'bajeti muoneke mafuta (kawerengedwe kake kali pa funso 8), chakudya cha masana cha namwino ndi dalaivala, mayendedwe a aphungu, ndi mayunitsi a foni a mbali zonse. Ngati namwinoyo ndi wa boma, malipiro ake sachokera kwa inu, koma masiku ake 36 alembeni ngati chopereka cha boma, ndipo pezani kalata yochokera kwa mkulu wa zaumoyo m'boma yomulola. Popanda kalatayo, tsiku la ulendo mudzamva kuti ali pa ntchito ku wodi.

12. Nanga munthu akanena kuti akufuna kudzipha, bajeti ikukhudzidwa bwanji?

Funso lachisanu ndi chinayi la PHQ-9 limafunsa za maganizo amenewa, ndipo SRQ-20 nayo ili ndi funso lotere. Mukafunsa anthu 1,500, ena adzayankha kuti eya. Pulopozo ifotokoze zochitika mwatsatanetsatane: phungu samusiya munthuyo yekha, amaimbira woyang'anira nthawi yomweyo, amagwirizana ndi munthuyo za wachibale woti aitanidwe, amaonetsetsa kuti mankhwala a mbewu, a makoswe ndi a m'dimba achotsedwa m'nyumba, kenako munthuyo amapita kwa wachipatala.

Chilichonse mwa izi chimafuna ndalama. Foni ikhale ndi mayunitsi. Pakhale ndalama ya kabaza kapena minibasi ya anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza. M'chitsanzo tayerekeza anthu 20 ofunika kutumizidwa ku chipatala cha boma ku Dedza, awiriawiri, K15,000 pa munthu, zonse K600,000. Ndalamayi isakhale ku akaunti ya ku boma kudikira masiginecha atatu. Gawo lake likhale pa chipatala chaching'onocho kwa munthu wodziwika, ndi kabuku kolembamo. Nenaninso kumene odwala kwambiri amapita kuchokera ku chipatala cha boma, kaya ku Lilongwe kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi amene amalipira ulendowo. Nkhani za nkhanza za m'banja zikhale ndi njira yake yopita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

13. Tikufunika zilolezo zanji, ndipo zimalowa m'bajeti?

Pulojekiti imafotokozedwa ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ku komiti ya akuluakulu a maofesi a pa boma ya DEC, kenako ku makomiti a chitukuko a ADC ndi ma VDC a madera anu, ndipo misonkhano imeneyi ili ndi mtengo wake. Ngati mukufuna kudzafalitsa zotsatira ngati kafukufuku, mukufunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku monga NHSRC kapena COMREC musanalembetse munthu woyamba. Amalipiritsa, choncho funsani mtengo wake muuike, ndipo yankho silibwera sabata imodzi. N'chifukwa chake miyezi itatu yoyamba m'chitsanzo chathu mulibe uphungu. Ikaninso kabati yokhoma pa chipatala chilichonse, ndipo makadi akhale ndi nambala m'malo mwa dzina. M'mudzi nkhani ikangotuluka kamodzi, benchi lanu latha ntchito.

14. Mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku. Tingaiteteze bwanji bajeti?

Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene bajeti yawo inavomerezedwa m'makwacha zisanachitike anapezeka kuti ndalama za mafuta zatha chaka chili pakati. Lembani kuchuluka kwa zinthu poyera, malita, masiku, makilomita, kuti mitengo ikasintha muonetse kuti ntchito ndi yomweyo. Lembani tsiku la makoteshoni ndi mtengo wosinthira ndalama umene mwagwiritsa ntchito. Ngati malamulo a wopereka ndalama akulola, pemphani kuti mgwirizano ukhale mu ndalama yawo, ndipo ikani mzere wa kukwera kwa mitengo pa miyezi yakumapeto. Ena salola mzere wa "zadzidzidzi", choncho werengani malamulowo kaye. Njinga, makabati ndi mabenchi gulani mwezi woyamba.

15. Owerenga akagawa ndalama zonse ndi anthu 200, mtengo wa munthu mmodzi ukuoneka waukulu. Tiyankhe bwanji?

Gawani nokha iwo asanagawe. Tinene kuti bajeti yonse ndi K60,000,000, ndiye kuti K300,000 pa munthu. Onetsani kuti K24,000,000 ndi za kamodzi kokha: maphunziro oyamba, njinga, zilolezo, kufufuza kwa cholinga chachinayi. Zotsala K36,000,000 ndizo zoyendetsera ntchito, K180,000 pa munthu, ndipo nambala imeneyi ndi imene a boma adzafune kuidziwa poganiza zopitiriza. Ndalama zoyendetsera ofesi musazibise m'mizere ina. Tsatirani malire amene wopereka ndalamayo waika, ndipo kwa ogwira ntchito olembedwa musaiwale gawo la penshoni limene olemba ntchito amapereka.

16. Atiuza kuti tichepetse bajeti ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Tidule pati?

Musamete pang'onopang'ono mzere uliwonse n'kusiya zolinga momwe zilili, chifukwa mudzakhala mwalonjeza anthu 200 ndi ndalama za anthu 160. Yambani ndi zimene sizikhudza munthu wokhala pa benchi: mwambo wotsegulira, masikipa, laputopu yachiwiri, msonkhano wa ku loji. Zikapanda kukwana, chepetsani kukula kwa ntchito. Bwererani ku kawerengedwe ka pa funso 5, muike aphungu 9 m'malo mwa 12, ndipo mupeza kuti lonjezo latsika kufika anthu 150, ofunsidwa mafomu 1,125, ndipo ndalama za maphunziro, za aphungu ndi za njinga zatsika nazo limodzi. Sinthani cholinga chachiwiri kuti chigwirizane ndi nambala yatsopanoyo, ndipo auzeni opereka ndalama kuti mwatero.

Ena amafuna kuchotsa chipatala cha kumunsi poti ndicho chikudya malita 270 mwa 360. Ine ndimawaletsa. Mukatsala ndi cha kufupi ndi boma chokha, mudzaphunzira kuti ntchito imatheka kumene namwino amafika mosavuta, pamene midzi yambiri ya ku Dedza ili ngati ya kumunsiyo. Maulendo a woyang'anira, ndalama yotumizira odwala ndi kangachepe ka aphungu zisiyeni momwe zilili pa phungu aliyense amene watsala.